Mutu wa tsamba ukhale "lendi" kapena "rent"?

"Ndimalemba m'Chichewa za nyumba zalendi ku Chilenje ndi ku Kabwata, koma anthu pa Google amalemba `nyumba ya rent Chilenje`. Kodi mitu ya masamba anga ndiisinthe ikhale ya Chingelezi?"

Ayi bambo, chiganizocho chisiyeni m'Chichewa, mungobwereka liwu limodzi kapena awiri amene anthu amalembadi. Mukausandutsa mutu wonse Chingelezi mukalimbana ndi makampani akuluakulu otsatsa nyumba, ndipo simuwapitirira.

Mawuwo musawalote. Tsegulani Search Console, chida cha Google choonetsa mmene tsamba lanu likuonekera pa kusaka, pitani pa `Performance`, sankhani dziko la Zambia ndi miyezi itatu yapitayi, kenako onani `Queries`. Funafunani mawu amene tsamba lanu likuonekera kambirimbiri koma anthu osadina. Nthawi zambiri Chingelezi chimagwera pa dzina la chinthu, monga `rent` kapena `2 bedroom`, pomwe timawu tolumikiza timatsala m'chilankhulo chathu. Mutu utsate kalankhulidwe komweko:

```html
<html lang="ny">
<title>Nyumba za rent ku Chilenje, Lusaka: 2 bedroom ndi mitengo</title>
```

Mutuwu uli ndi zilembo 57. Ukapitirira pafupifupi 60, Google imadula kumapeto, n'chifukwa chake dzina la komboni lili kutsogolo, ndipo dzina la bizinesi yanu ndalisiya dala.

Nanga "lendi" apita kuti? Mlowetseni mu `meta description`, mawu ofotokoza tsamba amene amatha kuoneka pansi pa mutu pa Google, ndi m'ndime yoyamba, mwachitsanzo: "Nyumba zalendi za zipinda ziwiri ku Chilenje, madzi alipo, magetsi ndi olipiriratu." Zilembo zisapitirire 155. Kufotokozaku sikukweza tsamba pamndandanda, ntchito yake ndi kukopa munthu kuti adine. Musadalire kuti Google idziwa yokha kuti lendi ndi `rent` n'chimodzi, kapena kuti "kubwereka" ndi "timabwereketsa" n'zapachibale. M'Chingelezi imazitha bwino zimenezi, m'Chichewa imaphonya kawirikawiri.

Pamene ambiri amapunthwa ndi apa: aika `rent` m'mutu, koma m'tsamba lonse liwulo mulibe. Google ikaona kuti mutu sukugwirizana ndi zam'kati imatha kulemba wake, kutengera `h1`, mutu waukulu wa m'kati mwa tsamba, kapena mawu ena apatsambapo. Imachitanso chimodzimodzi ndi mutu wothithikana ngati minibasi ya ku Matero, wa mtundu wa `nyumba house rent lendi Lusaka cheap`. Kuti mudziwe ngati zakuchitikirani, lembani `site:` ndi adiresi ya tsambalo pa Google, muyerekeze mutu wotuluka ndi umene munalemba.

`lang="ny"` muikebe chifukwa imathandiza mapulogalamu owerengera anthu osaona, koma Google imazindikira chilankhulo powerenga mawu ooneka patsamba. `hreflang`, chizindikiro chouza Google za tsamba lomwelo m'chilankhulo china, ndi ya amene ali ndi masamba awiri osiyana, `ny-ZM` ndi `en-ZM`, ndipo lililonse liyenera kuloza linzake, apo ayi imanyalanyazidwa. Za `meta keywords` musataye nazo nthawi, Google inalengeza mu 2009 kuti siigwiritsa ntchito.

Sinthani masamba asanu okha poyamba, lembani tsiku, ndipo pakatha masabata anayi yerekezani `CTR` yake, kutanthauza gawo la anthu amene adina mwa onse amene aona tsambalo pa Google, ndi ya mwezi wapitawo.