Kalendala ya mapositi a shopu: lembani mwezi wonse, tumizani sabata imodzi

Funso: Ndili ndi shopu ya zitenje ndi nsapato ku Limbe. Ndimaiwala kuika mapositi pa Facebook chifukwa chotanganidwa ndi makasitomala. Mwana wanga akuti ndingathe kuwalemba onse mu sipuredishiti n'kumatuluka okha sabata iliyonse. Kodi zimenezi zimatheka bwanji?

Yankho: Mayi, mwana wanuyo wanena zoona, koma sipuredishiti payokha situmiza kanthu. Ntchito yake ndi kusunga ndondomeko. Chotumiza ndi pulogalamu ina, ndipo pa shopu ngati yanu ndingasankhe Buffer, chifukwa imalandira fayilo ya CSV, mtundu wa fayilo imene mumatsitsa kuchokera mu sipuredishiti, ndipo mbali yake yaulere imalola mapositi 10 odikira pa tsamba lililonse. Anayi pa sabata akukwanirani. Chofunika ndi tsamba la bizinesi la pa Facebook, osati akaunti ya dzina lanu, komanso dziwani kuti za pa WhatsApp Status muzipitiriza kuika pamanja.

Tsegulani Google Sheets, tsamba loyamba mulitche `Kalendala`. Mzere woyamba ndi wa mitu; kuyambira pa wachiwiri, mzere uliwonse wopingasa ndi positi imodzi. Mu mzere wotsika wa A lembani tsiku, mu B nthawi, mu C mawu a positi. D ndi ya linki ya chithunzi, E ndi ya matagi, ndipo zonse ziwiri mutha kuzisiya zopanda kanthu. Mu F2 ikani fomula yolumikiza tsiku ndi nthawi, n'kuikokera pansi:

```
=TEXT(A2+B2,"yyyy-mm-dd hh:mm")
```

Fomulayi ikutetezani ku vuto lofala kwambiri. Ife tikalemba 03/04 timatanthauza pa 3 Epulo, koma sipuredishiti yotcheredwa mwa Chimereka imawerenga kuti pa 4 Malichi. Mukaona mu F mwezi ndi tsiku zasinthana, lowani mu File, kenako Settings, musinthe Locale kukhala United Kingdom, ndipo mulembenso masikuwo. Mu Buffer namo onetsetsani kuti nthawi yatcheredwa pa ya kuno kwathu, kuti positi ya 12 koloko masana isatuluke anthu ali m'tulo.

G ndiyo ndikufuna muisamale koposa. Mmenemo muzilemba `DIKIRA`, `TUMIZA` kapena `ZAPITA`. Kenako pangani tsamba lachiwiri, `Zotumiza`. Pamzere woyamba koperani mitu monga ilili mu fayilo yachitsanzo ya Buffer: `Text`, `Image URL`, `Tags`, `Posting Time`. Mu A2 lembani:

```
=FILTER(Kalendala!C2:F, Kalendala!G2:G="TUMIZA")
```

Tsamba limeneli lizionetsa mapositi okhawo amene mwavomereza.

Tiyerekeze kuti ndi Loweruka madzulo, mwatseka shopu. Sabata yamawa ili ndi mizere inayi: Lolemba zitenje zatsopano pa K12,000, Lachitatu nsapato za ana asukulu, Lachisanu malo a shopu ndi nthawi yotsegulira, Loweruka zitenje za chinkhoswe. Musanalembe `TUMIZA`, yang'anani pa shelefu. Nsapato za ana zatsala mapeya awiri okha, ndipo oda yatsopano sinafike. Mzere umenewo ukhale pa `DIKIRA`, enawo apite. Muli pa tsamba la `Zotumiza`, dinani File, Download, musankhe CSV, n'kuilowetsa mu Buffer. Mukatero sinthani mizere itatu ija ikhale `ZAPITA`. Mukaiwala zimenezi, sabata inayo positi yomweyo ilowanso m'fayilo.

N'chifukwa chake sindikulangizani kutumiza mwezi wonse nthawi imodzi, ngakhale kulemba mutha kulemberatu. Positi ikangolowa mu Buffer, yasiyana ndi sipuredishiti. Mukakweza mtengo wa chitenje mu `Kalendala` Lamlungu, positi ya Lolemba idzatulukabe ndi K12,000, pokhapokha mutakaikonza mu Buffer momwemo. Kasitomala amene wakwera minibasi kuchokera ku Ndirande ndi mtengo wakale m'foni mwake sadzamvetsa zoti panali makina. Mudzasankha pakati pa kumugulitsa motayika kapena kumutaya iyeyo. Katundu wogulidwa kunja amasintha mtengo pafupipafupi, choncho mtengo uziikidwa pa positi ya sabata yomweyo basi.

Pa zithunzi mpamene ambiri amagwa ulesi. Linki yogawana ya Google Drive imatsegula tsamba loonetsa chithunzi, si chithunzi chenichenicho, ndiye kawirikawiri imakanidwa. Siyani D yopanda kanthu, zithunzi muziike pamanja mu Buffer mukalowetsa mapositi. Pa mapositi atatu kapena anayi sizitenga nthawi, ndipo mumapeza mpata wowerenganso mawu. Mukaona zilembo zachilendo m'malo mwa ŵ, ndiye kuti fayiloyo inadutsa mu Excel n'kusungidwa molakwika. Isungeni ngati CSV UTF-8, kapena musaitsegulenso mukaitsitsa ku Google Sheets.

Lolemba loyamba, nthawi ya positi ikakwana, tsegulani tsamba lanu la Facebook muone ngati yatulukadi. Ikapanda kutuluka, yambani ndi kuona ngati Buffer ikadalumikizidwa ndi tsambalo, poti kusintha pasiwedi ya Facebook kumatha kudula kulumikizanako. Ndipo konzani kuti pa nthawi imene positi ikutuluka, foni ikhale pafupi ndi inu kapena mwana wanuyo, chifukwa wofunsa kuti "muli ndi saizi 5?" akufuna yankho asanapite pa shopu ina.