Chifukwa chake mapiri a Himalaya ali pa mzere

"Ndimakonda kuyang'ana mapu a dziko lonse, ndipo ndaona kuti mapiri akuluakulu monga Himalaya ndi Andes sakhala paokhapaokha, amandondozana mtunda wautali ngati mzere. Ndinamvapo kuti amabwera chifukwa cha kugundana kwa mapuleti, koma sindikumvetsa kuti mwala wouma ungapindike bwanji, komanso chifukwa chiyani sipangotuluka phiri limodzi lalikulu pamalo pomwe agundanapo. Chonde ndithandizeni."

Zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambe ndi mawu akuti "kugundana", pakuti ndi amene amasokoneza anthu ambiri. Tikawamva timaganiza za zinthu ziwiri zothamanga zomwe zawombana kamodzi n'kuthera pomwepo, pamalo amodzi. Mapuleti sachita choncho. Puleti ndi chibenthu chachikulu cha chikamba cholimba cha dziko, chokhala ndi m'mbali motalika makilomita masauzande ambiri, ndipo chimayenda masentimita ochepa chabe pa chaka, liwiro lofanana ndi mmene zikhadabo zimakulira. Mapuleti awiri akakumana, amakumana mbali yonse, ndipo amakankhana osaleka kwa zaka mamiliyoni. Mukagwira mfundo imeneyi, zina zonse zimatsatira.

Ndifotokoza za Himalaya, chifukwa kumeneko ntchitoyi ikuchitikabe ndipo akatswiri amaiyeza chaka ndi chaka.

Kalekale India sanali wolumikizana ndi Asia. Pakati pawo panali nyanja yaikulu yotchedwa Tethys. India ankayenda kulowera kumpoto, nthawi ina pa liwiro la masentimita 15 kapena kuposa pa chaka, lomwe kwa puleti ndi liwiro lalikulu zedi. Pansi pa nyanja pali miyala yolemera komanso yopyapyala, yokhuthala pafupifupi makilomita 7 okha, choncho pansi pa Tethys pankalowa kunsi kwa Asia n'kumamira m'kati mwa dziko popanda vuto. Nyanjayo inkachepa pang'onopang'ono mpaka inatha, zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo. Apa m'pamene zinthu zinasintha. Chomwe chinafika pakhomo tsopano chinali India weniweniyo, mtunda wokhala ndi miyala yopepukirapo komanso yokhuthala makilomita 35 kapena 40. Mtunda wotere sumira msanga, monga mmene chipika chouma chimakanira kukhala pansi pa madzi ngakhale muchikanikize. Koma puleti sinaime. Liwiro linatsika kufika pa masentimita 4 kapena 5 pa chaka, ndipo likadali pomwepo lero.

Tsono taganizani. Malo akuchepa chaka chilichonse, miyala ikukana kumira, nanga ipite kuti? Imapanikizika m'lifupi n'kukhuthala m'mwamba ndi pansi. Yalani nsalu yokhuthala patebulo, ikani mkono wanu wonse m'mbali mwake, kuyambira chigongono mpaka zala, n'kukankha pang'onopang'ono. Nsaluyo ichita makwinya, ndipo mukapitiriza, khwinya lina ligwera pamwamba pa linzake. Yang'anitsitsani kumene makwinyawo agona. Satsata kumene mukukankhira, amapingasa, ndipo amatalika molingana ndi mkono wanu. Mukanakankha ndi chala chimodzi, pakanatuluka kachulu kamodzi. Mwakankha ndi mkono, patuluka mizere. India anakankha ndi mbali yake yonse ya kumpoto, n'chifukwa chake Himalaya ndi wautali makilomita pafupifupi 2,400, kuchokera ku phiri la Nanga Parbat kumadzulo mpaka ku Namcha Barwa kum'mawa. Mapiri awiriwa ali pamakona a India, ndipo pamenepo mzere wa mapiri umakhota mwadzidzidzi, monga nsalu imakhotera kumapeto kwa mkono.

Kukayika kwanu kuti mwala ungapindike n'komveka, chifukwa mwala womwe timaudziwa ukaumenya umasweka. Koma ife timauona uli wozizira, pamtunda, ndipo timaumenya kamodzi n'kamodzi. Tengani kandulo. Mukaipinda mwachangu ili yozizira, ithyoka. Mukaisiya padzuwa itatsamira kukhoma, pofika madzulo muipeza yakhota yokha popanda mng'alu. Mwala umachitanso chimodzimodzi. M'kati mwa dziko kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse yomwe mwatsika, ndiye pa makilomita 12 kapena 15 pamakhala potentha madigiri 300 kapena kuposa. Mwalawo sunasungunuke ayi, ukadali wolimba, koma wafinyidwa mbali zonse moti ulibe mpata wotsegula mng'alu, ndipo ukukankhidwa mwapang'onopang'ono kwambiri. Zikatere umakhota. Miyala yomwe inayamba ngati matope, mchenga ndi laimu pansi pa nyanja imapindika mosavuta kuposa ina, pakuti inayalana m'magawomagawo ndipo gawo lililonse limatha kutsetsereka pa linzake, monga masamba a buku lomwe mwalipinda.

Umboni wake uli pamwamba penipeni pa phiri la Everest, ku Himalaya komweko, mamita 8,849 kuchokera pamene pamalekezera madzi a m'nyanja. Mwala wa pansongapo ndi wa laimu, wa zaka pafupifupi 450 miliyoni, ndipo m'kati mwake muli tizidutswa ta zamoyo za m'nyanja. Nthawi zonse ndikamaganiza za zimenezi mtima umandigunda: malo okwera kuposa onse padziko anali matope pansi pa madzi osaya.

Komabe ndinene mosabisa kuti dzina lakuti mapiri a makwinya, lomwe mapiri otere amapatsidwa, limanena theka chabe la nkhani. Kupindika pakokha sikukanakweza Himalaya kufika pomwe ali. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi ming'alu yopendekeka, yomwe imadula miyala m'zigawo zazikulu n'kukwezera chigawo china pamwamba pa chinzake. Pamene India akulowa kunsi kwa Asia, miyala ya pamwamba pake imasengulidwa n'kuunjikana kutsogolo, monga dothi limaunjikirana kutsogolo kwa fosholo. Muluwo ukakula, mng'alu watsopano umatseguka chakummwera kwa wakalewo, chigawo china n'kulowa m'gulumo. N'chifukwa chake Himalaya si mzere umodzi, koma mizere itatu yoyandikana. Kumpoto kuli mapiri aatali okutidwa ndi chipale chofewa, pakati pali ocheperapo, ndipo kummwera, m'mphepete mwa chigwa cha mtsinje wa Ganges, kuli zitunda za Siwalik, zomwe ndi zazing'ono komanso zatsopano kuposa zonse. Zitunda zimenezi zinapangidwa ndi mchenga ndi miyala yomwe mitsinje inakokolola ku Himalaya komweko, kenako nayonso inapindidwa n'kukwezedwa. Katswiri akafuna kudziwa ngati pali mng'alu wotere, amayang'ana zaka za miyala. Mwachibadwa mwala wakale umakhala pansi, watsopano pamwamba. Akapeza wakale utakhala pamwamba pa watsopano, monga zilili pamalire a Siwalik ndi mzere wapakati, amadziwa kuti unachita kukankhidwira pamenepo.

Ming'alu imeneyi simayenda mosalala. Mwa masentimita 4 kapena 5 aja, pafupifupi 2 amathera mu Himalaya, otsalawo amapanikiza Tibet, dera lokwera lomwe lili kuseri kwa Himalaya, ndi madera a kumpoto kwake. Masentimita 2 akuoneka ochepa, koma pa zaka 100 ndi mamita 2, ndipo pa zaka miliyoni imodzi ndi makilomita 20. Pafupi ndi pamtunda, pomwe mwala ndi wozizira, mng'alu umamatirira kwa zaka zambiri, mphamvu ikuunjikana, kenako umatsetsereka nthawi imodzi. Ndi zomwe zinachitika ku Nepal pa 25 Epulo 2015, pa chivomerezi cha mphamvu 7.8 chomwe chinapha anthu pafupifupi 9,000. Zipangizo zoyezera zinaonetsa kuti dera la Kathmandu, likulu la Nepal, linakwera pafupifupi mita imodzi n'kusunthira kummwera, pamene mapiri aatali a kumpoto kwake anatsika pang'ono. Gawo lomwe linatsetserekalo linali lalitali makilomita pafupifupi 150, ndipo linagona motsata mzere wa mapiri womwewo.

Pali chinanso chomwe maso saona. Phiri lili ndi muzu. Chikamba cha dziko chimayandama pa miyala yolemera ya kunsi kwake, ndipo chinthu choyandama chikakhala chokhuthala, chimatuluka kwambiri pamwamba komanso chimalowa kwambiri pansi. Chifukwa cha kusiyana kwa kulemera kwa miyala iwiriyi, kilomita iliyonse ya msinkhu imafuna muzu wa makilomita 5 kapena 6. Tiyeni tiwerenge za Tibet, yemwe ali pa msinkhu wa makilomita pafupifupi 5. Tikatenga 6 pa kilomita iliyonse, muzu wake ukhala makilomita 30. Onjezani makilomita 35 a chikamba cha masiku onse ndi 5 oonekawo, mupeza 70. Oyeza ndi mafunde a zivomerezi amapezadi chikamba chokhuthala makilomita pafupifupi 70 pansi pa Tibet, kuwirikiza kawiri cha malo ena. Muzu umenewu ndi umene umachititsa kuti mapiri asathe msanga. Mitsinje ikachotsa miyala pamwamba, katundu amapepuka, muzu n'kukwera, monga bwato limakwerera mukatsitsa katundu.

Za Andes ndinena mwachidule, pakuti lamulo lake ndi lomwelo ngakhale nkhani yake ndi yosiyana pang'ono. Kumeneko sikunakumane mitunda iwiri. Puleti ya Nazca, yomwe ili pansi pa nyanja ya Pasifiki, ikumirabe kunsi kwa America wa kummwera, ndipo m'mphepete mwa mtundawo mukupanikizika. Popeza puleti ya pansi pa nyanja imamira ndi madzi, omwe amathandiza miyala ya kunsi kusungunuka, ku Andes kuli mapiri ambiri ophulika, chinthu chomwe simungachipeze mu Himalaya. Malire a mapuletiwo amatsata pafupifupi gombe lonse la kumadzulo, ndiye mapiri nawo atsata gombelo makilomita pafupifupi 7,000.

Ndikuchenjezeni pang'ono mukamabwerera ku mapu anu. Si mzere uliwonse wa mapiri womwe unabwera ndi kukankhana. Zilumba za Hawaii zili pamzere chifukwa puleti ikudutsa pamwamba pa malo amodzi otentha, ndipo mapiri a pakati pa nyanja ya Atlantiki ali pomwe mapuleti akusiyana. Chosiyanitsa ndi miyala: magawo opindika, mwala wakale pamwamba pa watsopano, ndi zotsalira za nyanja yomwe inatsekeka. Ku Himalaya msoko wa nyanja ya Tethys ukuonekabe kumpoto kwa mapiri aatali, ndipo mtsinje wa Indus ndi wa Yarlung Tsangpo umayenda motsata msokowo mtunda wautali.

Mukatero muyang'anenso mapiri a Ural ku Russia. Ali pakati pa mtunda, kutali ndi malire a puleti iliyonse ya lero, koma ali pamzere wowongoka wa makilomita pafupifupi 2,500 kuchokera kumpoto kupita kummwera. Pamenepo panali nyanja yomwe inatsekeka zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, mbali ya Ulaya itakumana ndi ya Siberia. Kukankhana kunatha kalekale, mvula ndi mitsinje zadya mapiriwo moti lalitali kwambiri, Narodnaya, silifika mamita 1,900, koma mzerewo ukadali pomwe panali gombe la nyanja ija.