Akukupatsani K2,185,000 pa koteshoni ya K4,200,000: musasayine kaye

"Sienta yanga inagunda ng'ombe usiku pakati pa Nchalo ndi Ngabu. Galaji ya ku Blantyre ikufuna K4,200,000, koma a inshuwalansi akupereka K2,185,000. Akana rediyeta ndi kondensa za K520,000 ati zinali zakutha kale, nyali azitsitsa kuchoka pa K700,000 kufika pa K400,000, ntchito adulapo K200,000. Akutinso galimoto ndinailembetsa pa K9,000,000 pomwe mtengo wake ndi K12,000,000. Ekisesi ndi K200,000. Nditani abale?"

Pepani ndi ngoziyi achimwene. Choyamba, fomu imene abwera nayo pamodzi ndi ndalamazo musaisayine. Kawirikawiri imanena kuti mwalandira zonse ndipo nkhani yatha, ndiye mukangoikapo dzina, kubwereranso kumakhala kovuta kwambiri. Auzeninso a galaji kuti asayambe kuwongola, ndipo chilichonse chimene amasula kale asataye.

Tsono tiyeni tione mmene awerengera. Zimene adulazo pamodzi ndi K1,020,000, ndiye pa koteshoni patsala K3,180,000. Kenaka aona kuti K9,000,000 ndi 75 peresenti ya K12,000,000, choncho akulipira 75 peresenti yokha, yomwe ndi K2,385,000. Kuchotsapo ekisesi, gawo lomwe mumalipira nokha pa ngozi iliyonse, ndi K2,185,000 ija. Masamuwo ndi olondola. Chofunika kutsutsa ndi manambala amene alowetsamo, ndipo si onse oyenera kulimbana nawo.

Ekisesi isiyeni. Munavomera nokha tsiku lomwe munagula inshuwalansi, ndipo kuikana kumangochititsa kuti kalata yanu yonse aione mopepuka. Za ntchitonso ndinganene kuti gonjerani, pokhapokha ngati a galaji akukanitsitsa. Nthawi zambiri asesa, yemwe a inshuwalansi amamutuma kukayesa zowonongeka, ndi mwini galaji amagwirizana okha pa mtengo wowongola ndi kupenta, ndiye funsani ngati angagwire ntchitoyo pa mtengo wodulidwawo, akulembereni.

Pa rediyeta ndi pomwe pali nkhani. Asesa akamva kuti galimoto imakhala kuchigwa kuno, kotentha chonchi, ndiponso imakwera chitunda cha ku Thabwa kawirikawiri, sachedwa kulemba kuti rediyeta inatopa yokha. Koma chitsulo chimadzichitira umboni. Rediyeta yomwe yakhala ikudontha kwa miyezi imasiya zoyerayera kapena zobiriwira zouma ngati mchere m'mbali mwa podonthapo. Yomwe yasweka ndi kugunda imakhala ndi mng'alu woyera, watsopano, makamaka pa pulasitiki yam'mwamba kapena pa timiyendo tomwe imakhalira. Muyang'anenso kumbuyo kwake: ngati fani inakanikizidwa, imasiya chizindikiro chozungulira pa timapepala ta aluminiyamu tija. Kondensa imakhala kutsogolo kwa rediyeta, ndiye ngati chitsulo chogwira zonse ziwirizi chapindikira m'kati, n'zovuta kuti munthu anene kuti ng'ombe inapinda chitsulo n'kulumpha zomwe zamangidwa pamenepo. Jambulani zonsezi pafupi, masana, ndipo chithunzi chimodzi chionetse nambala ya galimoto. Makaniko aipope mpweya rediyetayo kuti aone pomwe ikutulukira, alembe kalata yaifupi ya zomwe wapeza, asayine ndi kudinda. Ngati muli ndi lisiti ya sevisi yaposachedwa yomwe sikutchula vuto la kutentha, iphatikizeni pamodzi ndi lipoti la apolisi.

Chenjezo limodzi apa. Ngati mutagunda munayendetsabe galimoto mpaka ku Ngabu madzi akutha, ndipo injini inatentha, za injinizo musaziike m'kalatayi. Zowonongeka chifukwa choyendetsa galimoto yovulala kale a inshuwalansi amakana, ndipo pamenepo amakhala ndi mfundo.

Nyali n'zosavuta. Pezani makoteshoni atatu olembedwa ochokera m'mashopu a zipangizo ku Limbe kapena ku Blantyre, okhala ndi deti, nambala ya chipangizo, komanso onena ngati msonkho wa VAT ulimo. Mtengo wongouzidwa pafoni suwerengedwa. Tinene kuti mwapeza K600,000, K640,000 ndi K700,000. Tengani wotsikitsitsawo, kenaka muwapemphe a inshuwalansi atchule shopu yomwe ili ndi nyali ziwiri za mtundu womwewo pa K400,000. Ikapezeka, akagule okha akapereke ku galaji. Nthawi zambiri mtengo wotere umakhala wakale, kapena ndi wa nyali zogwiritsidwa kale ntchito.

Ndalama zambiri zabisala pa K12,000,000 paja, ndipo anthu ambiri sapaona. Yambani mwawerenga mgwirizano wanu wa inshuwalansi kuti muone ngati muli ndime yolola kudula malipiro galimoto ikalembetsedwa pa mtengo wotsika. Ngati mulibe, alibe poimira. Ngati ilimo, kudulako n'kololedwa, ndipo kwapweteka ambiri kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023: mitengo ya galimoto inakwera, koma anthu ankangolipira inshuwalansi pa mtengo wakale. Komabe mtengo womwe umawerengedwa ndi wa galimoto yanuyo, mmene inalili tsiku la ngozi isanagunde, osati wa Sienta yongotsika kumene pa Songwe. Apa zinthu zimatembenuka moseketsa, chifukwa ndinu amene muyenera kuonetsa kuti galimoto yanu ndi yotchipa. Sonkhanitsani zotsatsa zitatu kapena zisanu za Sienta ya chaka chomwecho, ya makilomita ofanana ndi anu, yomwe yayenda kale m'misewu ya kuno. Jambulani makilomita pa dashibodi, mipando yong'ambika, dzimbiri la pansi ngati lilipo. Umboni wolemera kuposa zonsezi ndi lipoti la munthu woyesa mitengo ya galimoto woima payekha. Mumulipira nokha, koma taonani phindu lake: mtengo ukatsika kufika pa K10,000,000, gawo lanu likukwera kuchoka pa 75 kufika pa 90 peresenti. Njira imeneyi ndi yabwino chifukwa galimoto yanu ikukonzedwa. Akanati yatheratu, kutsitsa mtengo sikukanakuthandizani.

Nambala yanu yoyankhira ituluke chonchi. Pa K3,180,000 yomwe avomera kale, bwezeranipo K520,000 ya rediyeta ndi kondensa, ndi K200,000 ya nyali. Zikukwana K3,900,000. Mukatenga 90 peresenti yake ndi K3,510,000, kuchotsa ekisesi mutsala ndi K3,310,000. Imeneyi ikuposa yawo ndi K1,125,000, ndipo mwa ndalama zimenezi K585,000 ikuchokera pa mtengo wa galimoto wokha. Manambala a nyali ndi a K10,000,000 ndangoyerekeza, muikemo omwe umboni wanu ukupatseni. Ngati munalipira yokoka galimoto kupita ku Blantyre, onani malire omwe mgwirizano ukupereka pa zimenezo, muilembe pa mzere wakewake ndi lisiti yake.

Kalata ikhale ya tsamba limodzi. Pamwamba nambala ya kileyimu ndi nambala ya galimoto, kenaka chiganizo chonena kuti simukuvomera K2,185,000. Lembani zomwe mwavomera, ekisesi ndi ntchito, zisanabwere zomwe mukukana, chifukwa wowerengayo amaona kuti munthuyu wawerengadi. Chokana chilichonse chikhale ndi umboni wake wolembedwa nambala. Pemphani kope la lipoti la asesa, pemphaninso kuti adzaionenso galimoto makaniko wanu alipo, ndipo apatseni masiku 14 oti ayankhe molemba. Za kukwiya ndi za zaka zomwe mwakhala mukulipira zisalowemo, sizisuntha nambala. Tumizani pa imelo, kapena mukapereka pamanja akudindireni kope lanu. Ngati inshuwalansi munagula kudzera kwa buloka, mupatseni kope, ndi ntchito yake kukukankhirani.

Akakana kapena akangokhala chete, kadandauleni kwa mkulu woona madandaulo pakampanipo, ndipo zikakanika pamenepo pitani ndi mapepala omwewa ku ofesi ya Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, yomwe imayang'anira makampani a inshuwalansi ndi kulandira madandaulo a makasitomala. Muonenso m'mgwirizano ngati muli nthawi yoikika yotsutsira chigamulo chawo, kuti isakutherereni mukudikira foni. Ndipo mwini ng'ombe akabwera ndi kangachepe kuti nkhani ithere kwa amfumu, musalandire musanawauze a inshuwalansi, chifukwa akakulipirani, ufulu womulondola munthuyo umakhala wawo.