Kaunjika akasiya kuyenda mu Januwale

"Ndimagulitsa kaunjika, koma kuyambira Januwale mpaka Malichi malonda sayenda. Ndikonzekere bwanji?"

Achemwali, miyezi imeneyo ndalama za anthu zimathera ku chimanga, feteleza ndi fizi, ndiye Khirisimasi ikadutsa musaodenso belo lina, mpamba ungagone m'zovala.

Yambani kugula chimanga cha pakhomo mu Juni, chikadali chotchipa. Kwathu tilipo asanu, thumba la makilogalamu 50 timadya mwezi umodzi, choncho ndimagula anayi. Lachinayilo ndi la Epulo, poti cham'munda chimakhala chisanaume. Ndimasunga m'matumba a PICS, osalowa mpweya aja, koma chiyambe chauma gwa. Thirani chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo, mukhutchumule. Mchere ukamatirira m'mbali, chiyanikeninso. Chaka china ndinamanga chachinyezi, matumba awiri anachita nkhungu, ndinalira.

Za banki mkhonde zimene mugawane mu Disembala musungire ndiwo, sopo ndi kuchigayo.