Mabatani azingoitana, ntchito izigwira kompyuta

"Ndagula kakiyibodi ka mabatani 9. Ndikufuna ena azitsegula mapulogalamu, ena azilemba ndemanga zimene ndimabwerezabwereza pa malipoti a ana. Kompyuta ndi ya Windows. Ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, mawuwo musawasunge m'kakiyibodimo. Kakiyibodi sikatumiza zilembo, kamangouza kompyuta kuti batani lakuti ladinidwa, ndipo kompyutayo ndiyo imasankha chilembo malinga ndi mtundu wa kiyibodi umene inaikidwa. N'chifukwa chake chiganizo chotuluka bwino pa kompyuta yanu chikhoza kutuluka ndi zizindikiro zosokonekera pa ina, ndipo zilembo ngati ŵ zimavuta kwambiri.

Chitani chonchi. Kompyuta imadziwa mabatani a F13 mpaka F24, koma makiyibodi ambiri amathera pa F12, ndiye mabataniwa angokhala opanda mwini. Ngati kakiyibodi kanu kamagwira ndi VIA, pulogalamu yosinthira ntchito za mabatani a kiyibodi, itseguleni, dinani batani loyamba pa chithunzi chake, mulipatse F13, lachiwiri F14, mpaka onse 9 atha pa F21. Mukatero simudzakakhudzanso.

Kenako ikani AutoHotkey v2, pulogalamu youza kompyuta zochita batani likadinidwa, n'kulemba izi mufayilo yothera ndi .ahk, muidine kawiri kuti iyambe:

```
#Requires AutoHotkey v2.0
F13::Run "notepad.exe"
F14::SendText "Wachita bwino, koma azimaliza ntchito yake."
F15::SendText FormatTime(, "dd/MM/yyyy")
```

Batani loyamba likutsegula Notepad, lachiwiri likulemba ndemanga, lachitatu deti la lero. Gwiritsani SendText osati Send, chifukwa Send imatenga ! ngati Alt ndi + ngati Shift; ndemanga yokhala ndi mfuwuliro imatha kukutsegulirani zinthu zimene simunafune. Fayiloyo muisunge ngati UTF-8 kuti ŵ atuluke bwino. Teremu ikasintha, mungosintha chiganizo mufayilomo, n'kudina Reload Script pa kachizindikiro ka AutoHotkey kamene kali pafupi ndi wotchi.

Batani likapanda kuyankha, yang'anani kaye pansi pafupi ndi wotchi ngati pali kachizindikiro kobiriwira ka H. Ngati palibe, ndiye kuti fayiloyo sinayambe, ndipo izi zimachitika nthawi iliyonse mukazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Dinani Win+R, lembani shell:startup, muike njira yachidule ya fayiloyo mufoda imene itseguke. Ngati H alipo koma batani likukana mu pulogalamu imodzi yokha, kawirikawiri pulogalamuyo inatsegulidwa ndi Run as administrator.

Chimene chinandichititsa manyazi ine n'chakuti mawu amapita pamene pali kamzere kothwanima kaja, osati pamene maso anu ali. Tsiku lina ndemanga ya mwana inakalowa m'bokosi lofufuzira, projekita ili chiyakire, kalasi yonse ikuwerenga. Dinani kaye pamalo oyenera. Mawu achinsinsi olowera musawaike pa batani n'komwe.

Koma funsani kaye ngati kompyuta ya kusukulu imalola kuikamo mapulogalamu. Ngati ayi, sungani ndemanga zifupizifupi mu Macros ya VIA, zopanda ŵ, muziyese pa kompyuta yomweyo.