Ndimaloweza Thevenin koma sindimvetsa

*Alangizi, ndili chaka choyamba cha maphunziro a zamagetsi. Akuti seketi yokhala ndi mabatire ndi marezista ambiri titha kuisandutsa batire limodzi ndi rezista imodzi. Zimatheka bwanji? Ndiye akuti mphamvu imachuluka lodi ikafanana ndi rezista imeneyo. Ndimangoloweza, koma funso likangosintha pang'ono ndimasokonekera.*

Yambani mwaiwala zam'kati mwa seketiyo. Imani pa mawaya awiri omwe mukufuna kulumikizapo lodi, muwatche A ndi B. Lodi sidziwa kuti kumbuyoko kuli marezista angati. Chomwe imakumana nacho ndi volteji ndi karenti za pa mawaya awiriwo basi. Ngati m'katimo muli mabatire ndi marezista okhaokha, volteji ya pa A ndi B imatsika mwa muyezo umodzi nthawi zonse karenti ikamakwera: `V = Vth − I × Rth`. Pa galafu umenewu ndi mzere wowongoka, ndipo mzere wowongoka umadziwika ndi manambala awiri okha, pomwe wayambira ndi kutsetsereka kwake. Batire limodzi la volteji Vth ndi rezista imodzi ya Rth zimatulutsa mzere womwewo. Léon Thévenin, injiniya wa zamatelegalafu wa ku France, adalemba zimenezi mu 1883, ngakhale Helmholtz adali atazipeza kale mu 1853. Mukangoikamo dayodi mzere uja umakhota, ndipo njirayi siigwiranso momwemo.

Tengani batire la 12 V. Karenti idutse mu rezista ya 6 Ω kufika pa A, kenako mu ya 3 Ω kuchoka pa A kufika pa B, pomwe pali mbali ina ya batirelo. Chotsani lodi. Marezista awiriwa akugawana volteji, ndiye `Vth = 12 × 3 / 9 = 4 V`. Kuti mupeze Rth, chotsani batire papepala, pamalo pake mujambule waya, kenako musuzumire m'seketimo kuchokera pa A ndi B. Apa mpomwe ambiri amagwa. Amaphatikiza 6 ndi 3 n'kupeza 9, poti m'chithunzi marezistawo akuoneka otsatizana. Koma batire litasanduka waya, onse awiri alumikiza A ndi B, ali mbali ndi mbali: `Rth = 6 × 3 / 9 = 2 Ω`. Chikakhala chopereka karenti yosasintha, chimenecho sitiikapo waya, timasiya podukapo.

Tsopano muli ndi 4 V ndi 2 Ω. Ikani lodi ya 2 Ω: karenti ndi 1 A, mphamvu ya mu lodi ndi 2 W. Yesani ya 1 Ω: karenti yakwera kufika 1.33 A, koma volteji yambiri yathera mu Rth, mphamvu ndi 1.78 W. Ya 4 Ω nayo ipereka 1.78 W, chifukwa volteji yakwera koma karenti yatsikira pa 0.67 A. Lodi ikakhala waya chabe palibe volteji, ikachotsedwa palibe karenti, ndiye konseko mphamvu ndi ziro. Pachimake payenera kukhala pakati. Pa mayeso lembani `P = Vth² × RL / (Rth + RL)²`, pomwe RL ndi rezistansi ya lodi, muchite difarenshiyeshoni potsata RL, muike ziro, mupeza `RL = Rth` ndi `Pmax = Vth² / (4 × Rth)`, yomwe pano ndi 16 kugawa ndi 8, 2 W yomwe ija.

Funso likatembenuzidwa, kuti lodi ndi yosasintha koma musankhe Rth, yankho si kufananitsa ayi. Rth ichepe momwe ingathere.

Samalaninso ndi mawu oti theka la mphamvu limatayika. Ndi zoona m'seketi yofupikitsidwayo: 2 W mu lodi, 2 W mu Rth. Koma bwererani ku seketi yeniyeni. Ya 3 Ω ndi lodi ya 2 Ω ija zikupanga 1.2 Ω, pamodzi ndi 6 Ω ndi 7.2 Ω, batire likutulutsa 1.67 A, yomwe ndi 20 W. Lodi ikulandira gawo limodzi lokha mwa magawo khumi. Thevenin amanena zoona pa A ndi B pokha, osati za kutentha kwa m'kati. Poti mphamvu yambiri imatayika chonchi, kufananitsa lodi ndi Rth mumakupeza pa wailesi ndi eriyo, pomwe siginolo ya uthenga ndi yofooka, koma a ESCOM sangakufune pa mawaya awo.

Ku labu yezani volteji ya pa A ndi B popanda lodi, imeneyo ndiyo Vth. Ikani rezista yosinthika, muzungulitse mpaka mita iwerenge theka, muichotse n'kuiyeza, imeneyo ndiyo Rth. Gwiritsani marezista a makiloomu kuti asapse, ndipo musayese njirayi mwachindunji pa batire la galimoto, chifukwa Rth yake ndi yochepetsetsa ndipo waya angayake m'manja.