Masamba a mufiliza adetsedwa ndi kununkha

"Amayi anzanga thandizeni. Ndinagula mpiru, therere ndi zitheba zambiri pa Nchalo, ndinatsuka n'kuika mufiliza. Lero ndatulutsa, mpiru wada, ukununkha ngati udzu wovunda. Ndinalakwitsa pati?"

Pepani achemwali, koma amene anakuuzani kuti kungotsuka n'kuponya mufiliza basi ndi amene wakupwetekani. Alipo ambiri m'gulu lino, amayankha msanga koma sabwerako kudzafunsa kuti ndiwo zija zinatha bwanji. Kuzizira sikuletsa tsamba kukalamba. Muli maenzaimu, tinthu tachilengedwe timene timakalambitsa tsamba, ndipo amapitiriza ntchito yake pang'onopang'ono ngakhale tsamba litaundana gwa, n'chifukwa chake mtundu, fungo ndi kakomedwe zimathawa. Chowaletsa ndi kufwafwaza masambawo m'madzi owira, kenako n'kuwaziziritsa nthawi yomweyo.

Madzi akhale ambiri, malita 4 pa theka la kilogalamu ya zitheba kapena therere, ndipo pa masamba ngati mpiru malita 8, chifukwa amafota n'kugwirana. Awire kaye mobwadamuka. Mukathira ndiwo vindikirani, ndipo muyambe kuwerenga nthawi madzi akayambanso kuwira, osati pamene mwathira. Akatenga yoposa mphindi imodzi asanawirenso, mwathira zambiri kapena makala pa mbaula achepa. Soda kapena chidulo musaikemo, sitikuphika.

Mpiru, bonongwe, nkhwani ndi chisoso ndi mphindi 2. Zitheba zodula mphindi 3. Therere laling'ono mphindi 3, lalikulu 4, ndipo mulifwafwaze lathunthu, mungodula kamchira osaboola mkati mwa njere. Mukaliduladula kaye, madzi onse asanduka ndiwo zoterera. Karoti wodula mphindi 2, kabichi wodula mphindi imodzi ndi theka. Chimanga chachiwisi pa chitsononkho chimafuna zambiri: 7 chaching'ono, 9 chapakati, 11 chachikulu. Yang'anani wotchi ya pa foni, musamangoganizira. Kuchepetsa nthawi n'koipa kuposa kusafwafwaza n'komwe, chifukwa kutentha kosakwanira kumangodzutsa maenzaimu aja, ndipo kupitirira ndiye mwaphika.

Tsono pamene ambiri kuno kuchigwa timagwera ndi pa madzi ozizira. M'mwezi wa Okutobala kapena Novembala ku Chikwawa ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40, madzi a mu ndowa amakhala ofunda kale. Munthu amavuula mpiru wobiriwira bwinobwino, n'kuuviika m'beseni la madzi oterowo. Beseni limafunda nthawi yomweyo, mpiru n'kumapsabe mkati. Mtanda wachiwiri ukamalowa madzi amakhala atatentha ndithu. Masamba amasanduka akhakhi, ukawagwira amaphwanyika m'manja. Ndiye munthu amawalongedza ali ofunda chomwecho m'jumbo lalikulu. Pakati pa jumbo pamachedwa kuundana, nyama imene yagundana nalo imayamba kusungunuka, ndipo tsiku lotulutsa mumapeza chibuma cha ayezi, masamba ali phala.

Choncho konzani ayezi dzulo lake. Kilogalamu imodzi ya ndiwo imafuna pafupifupi kilogalamu imodzi ya ayezi, kuno onjezeranipo. Madzi a lita imodzi amalemera kilogalamu, ndiye undanitsani madzi oyera m'mabotolo kapena m'timajumbo. Tinene muli ndi zitheba makilogalamu 2. Zigaweni panayi. Mtanda uliwonse uwire mphindi 3, muuvuule ndi sefa, ulowe m'madzi a ayezi mphindi zinanso 3. Nthawi yoziziritsa imafanana ndi yowiritsa. Thyolani chitheba chimodzi muchigunditse pa mlomo: mkati mukafunda, sichinakwane. Ayezi akasungunuka onjezerani musanavuule mtanda wina. Madzi owirawo mutha kuwagwiritsanso ntchito, mungodikira awirenso.

Zikazizira musazisiye zikusambira, zimamwa madzi. Tsanulani, muyale pa nsalu yoyera ziume. Mpiru ufinyeni pang'ono. Longedzani za mphika umodzi umodzi m'timapulasitiki, tulutsani mpweya, phwatalitsani kuti ziundane msanga, lembani tsiku. Filiza ikamasunga madigiri 18 pansi pa ziro, zimakhala bwino miyezi 8 mpaka 12. Pophika ponyani mu mphika zili zoundana, ndipo zimapsa msanga kuposa zaziwisi. Anyezi, tomato ndi tsabola sizifuna zonsezi.

Komabe ndikuuzeni, miyezi imeneyo ndi ya filiza yosazimazima. Magetsi akazima, yodzaza imagwira pafupifupi masiku awiri ngati simukuitsegula, yodzaza theka tsiku limodzi, ndipo ndi kutentha kwathuku musaidalire kufika pamenepo. Ngati kwanuko amazima kawirikawiri, nkhwani ndi chitambe ingofutsani muyanike, dzuwa tili nalo lokwanira, mufiliza musiyemo zitheba ndi karoti zokha. Mpiru wanunkhawo tayani achemwali, sungabwererenso.